Momwe makolo angadziwire mayunitsi ndi deta yotsala pafoni ya mabatani

Makolo ambiri omwe ali ndi foni ya mabatani amadziwa kuti mayunitsi awathera pomwe foni yaduka ali pakati pa nkhani, kapena pomwe mawu a makina awauza kuti alibe ndalama zokwanira kuimbira. Ena amadikira mdzukulu kuti abwere kusukulu adzawaonere. Komatu ntchitoyi ndi ya mabatani asanu okha, ndi yaulere ndipo simatha ndi mphindi imodzi yomwe. Chofunika n'kudziwa nambala yoyenera, kuidina mwandondomeko ndi kumvetsa yankho lomwe labwera.

Matumba atatu m'foni imodzi

Chisokonezo chachikulu chimayamba chifukwa choganiza kuti zonse zili m'foni ndi ndalama imodzi. Zoona zake n'zakuti simukhadi imodzi imasunga zinthu m'matumba atatu osiyana, ndipo thumba lililonse lili ndi njira yake yolionera.

Thumba loyamba ndi la mayunitsi. Awa amawerengedwa m'makwacha ndipo amalowa pomwe munthu wakanda khadi, wagula kwa ajenti kapena mwana wake wamutumizira. Nthawi iliyonse yomwe munthu waimba foni kapena kutumiza uthenga popanda bandulo, kampani imadula m'thumba limeneli.

Lachiwiri ndi la mabandulo. Bandulo ndi katundu yemwe munthu wagula kale pogwiritsa ntchito mayunitsi kapena ndalama, monga mphindi zoimbira, mauthenga kapena deta yolowera pa intaneti. Bandulo siwerengedwa m'makwacha ayi. Yoimbira imawerengedwa m'mphindi pomwe ya intaneti imawerengedwa ndi muyeso womwe pafoni umalembedwa kuti MB kapena GB. Mabandulo ambiri amakhalanso ndi tsiku lothera.

Lachitatu ndi la ndalama zenizeni, zomwe zimasungidwa ku Airtel Money kapena ku TNM Mpamba. Izi munthu akhoza kukazitapa kwa ajenti n'kugulira ufa. Mayunitsi sangatero. Choncho mwana akanena kuti watumiza K5,000, kholo lifunse ngati watumiza mayunitsi kapena ndalama, chifukwa likayang'ana m'thumba lolakwika lidzaganiza kuti sizinafike.

Kudziwa netiweki ndi mabatani ofunika

Nambala zoonera mayunitsi zimasiyana malingana ndi kampani. Dzina la kampani limaoneka pagalasi la foni, nthawi zambiri pamwamba kapena pakati, pafupi ndi timizere toonetsa mphamvu ya netiweki. Nambala ya munthu imathandizanso: zoyamba ndi 099 kapena 098 ndi za Airtel, pomwe zoyamba ndi 088 ndi za TNM.

Kupatula mabatani a manambala, pakufunika ena atatu. Loyamba ndi la nyenyezi, lomwe lili ndi chizindikiro cha * ndipo limakhala pansi penipeni kumanzere kwa 0. Lachiwiri ndi la hashi, lokhala ndi chizindikiro cha # chooneka ngati kampanda ka mizere inayi yopingasana, ndipo lili kumanja kwa 0. Lachitatu ndi batani loimbira, lija munthu amadina poyankha foni, lomwe pamafoni ambiri limakhala lobiriwira.

Mabatani awiri oyambawo amafuna kuwadina kamodzi kokha, mwachangu. Pamafoni ambiri, munthu akadina nyenyezi kawiri motsatizana pamabwera chizindikiro cha +, ndipo akakanikiza hashi kwa nthawi yaitali foni imasiya kulira ikamaitana. Makolo ambiri omwe amadandaula kuti foni yawo yasiya kulira amakhala kuti anakanikiza hashi mopitirira muyeso. Kuikanikizanso kachiwiri chimodzimodzi kumabwezeretsa kulirako.

Kuona mayunitsi

Munthu ayambe watsegula mabatani ngati anali okhoma, kenaka adine batani lofiira kuti foni ibwerere poyambira, pomwe pamaoneka nthawi ndi dzina la kampani. Akatero alembe nambala ngati mmene amachitira poimbira m'bale wake.

Wa Airtel alembe izi:

```
*137#
```

Wa TNM alembe izi:

```
#123#
```

Pali kusiyana komwe anthu ambiri amakuphonya. Nambala ya Airtel imayamba ndi nyenyezi n'kutha ndi hashi, pomwe ya TNM imayamba ndi hashi n'kuthanso ndi hashi. Munthu yemwe anazolowera kampani imodzi amalakwitsa apa akasamukira ku inzake.

Akamaliza kulemba, ayang'ane pagalasi ngati zizindikiro zonse zisanu zilipo, kenaka adine batani loimbira. Foni asaiike kukhutu chifukwa palibe yemwe ayankhule. Yankho limabwera lolembedwa pagalasi pakangopita kanthawi kochepa.

Mafoni ambiri a mabatani, monga a itel ndi Tecno, amalowa masimukhadi awiri. Foni yotere imafunsa kuti nambalayo idzere ku SIM1 kapena ku SIM2, ndipo ina imakhala ndi mabatani awiri oimbira. Nambala ya Airtel iyenera kudzera kusimukhadi ya Airtel, ya TNM kusimukhadi ya TNM. Ikadzera kolakwika, foni imakana kapena imabweretsa yankho losagwirizana ndi zomwe munthu akufuna.

Kuona mayunitsi sikudya ndalama, ndipo sikufuna deta. Ngakhale foni itatsala ndi tambala imodzi yokha, nambalayi imagwirabe ntchito bola netiweki ilipo. Munthu akhoza kuona kakhumi patsiku osataya kanthu.

Kuwerenga yankho

Yankho limabwera m'Chingerezi, koma mawu ofunika kuwazindikira ndi ochepa. Mawu oti Balance kapena Bal akutanthauza zotsala, ndipo nambala yomwe ili pafupi nawo ndiyo mayunitsi. Zilembo za K, MK kapena MWK zonse zikuimira kwacha.

Pofunika kusamala ndi pa kadontho. Manambala awiri omwe ali kumanja kwa kadontho ndi matambala, si makwacha. Pakalembedwa 45.50, ndiye kuti mwatsala K45 ndi matambala 50, osati K4,550. Pakalembedwa 1,250.00, ndiye kuti muli K1,250. Pagalasi laling'ono kadontho kamabisala mosavuta, n'chifukwa chake ndi bwino kuvala magalasi a maso kapena kuwerengera pamthunzi, popeza dzuwa limaphimba zolembedwa pafoni.

Nthawi zina pansi pa yankholo kampani imaikapo mawu otsatsa malonda ake, monga opempha munthu kuti adine 1 kuti alandire chinachake. Mawuwa si mbali ya yankho. Njira yabwino yotulukira ndi kudina batani lofiira, chifukwa kudina nambala kapena OK mosawerenga kukhoza kumulembetsa munthu ku zinthu zolipira zomwe sanazifune.

Yankho la mtunduwu silisungidwa m'bokosi la mauthenga. Likachoka pagalasi ndiye kuti lapita, ndipo wolifuna ayenera kulembanso nambala ija. Kholo lisachite mantha kuti lafufuta chinthu chofunika.

Kuona deta yotsala

Wa Airtel ali ndi nambala yapadera yoonera deta:

```
*304#
```

Wa TNM adzere pamndandanda wa mabandulo, momwe muli mzere woonera zotsala:

```
*200#
```

Mndandanda ukabwera, pamakhala mizere yokhala ndi manambala kutsogolo kwake. Munthu afufuze mzere womwe uli ndi mawu oti Balance n'kuona nambala yake. Kenaka adine batani lomwe lili pansi pa mawu oti Reply kapena Answer, alembe nambala ya mzerewo, ndipo atsirize ndi Send kapena OK. Makampani amasinthasintha kayalidwe ka mizereyi akabweretsa mabandulo atsopano, choncho ndi bwino kuloweza mawuwo kusiyana ndi kuloweza nambala ya mzere.

Mndandanda sudikira nthawi yaitali. Munthu akachedwa kuyankha umatsekeka wokha. Zikatero palibe chomwe chaonongeka ndipo palibe ndalama yomwe yadulidwa, angoyambiranso. Nthawi zina yankho la deta limabwera ngati uthenga wamba, ndipo likatero limapezeka m'bokosi la mauthenga.

Pa yankho la deta pali zinthu ziwiri zoti munthu aone. Choyamba ndi kuchuluka kwake. GB imodzi ndi MB 1,024, kapena mongowerengera mwachidule, MB 1,000. Kotero 0.5GB ndi theka la GB, pafupifupi MB 500, ndipo 2GB ndi yochuluka kuposa 900MB ngakhale nambala 2 ikuoneka yaing'ono. Pakalembedwa KB, umenewo ndi muyeso wochepetsetsa, chifukwa KB 1,024 ndiyo imapanga MB imodzi. Munthu akaona 800KB adziwe kuti deta yamuthera.

Chachiwiri ndi tsiku lothera, lomwe limatsagana ndi mawu monga Valid kapena Expiry. Pali mabandulo a tsiku limodzi, a sabata ndi a mwezi. Bandulo imatha m'njira ziwiri: deta ikagwiritsidwa ntchito yonse, kapena nthawi yake ikakwana, malingana ndi chomwe chayambirira. Ili ngati ndiwo zophika kale, zomwe zimasasa tsiku likadutsa ngakhale mumphika zikadalimo. Munthu yemwe wagula bandulo ya tsiku limodzi n'kuisunga kuti adzaigwiritse ntchito Lamulungu adzapeza palibe.

Mabandulo enanso amagwira ntchito pa zinthu zosankhika zokha, monga pa Facebook kapena pa WhatsApp, ndipo ena ndi a usiku wokha. Choncho foni ikhoza kuonetsa kuti deta ilipo koma intaneti n'kumakana kutseguka, chifukwa deta yotsalayo ndi ya ntchito ina kapena ya maola ena. Dzina la bandulo, lomwe limalembedwa pafupi ndi kuchuluka kwake, ndilo limaulula zimenezi.

Si foni iliyonse ya mabatani yomwe imalowa pa intaneti. Yomwe imalowa imakhala ndi zinthu monga Opera Mini, Facebook kapena Internet pamndandanda wake, ndipo ikalumikizidwa pamwamba pagalasi pamaoneka kachilembo konga E kapena G. Ngati foni ilibe zimenezi, mwini wake safunika deta konse, ndipo mwana yemwe akufuna kumuthandiza amugulire mphindi zoimbira. Zoimbirazi nazo zimaonedwa pamndandanda wa mabandulo, womwe kwa Airtel ndi uwu:

```
*301#
```

Chitsanzo: K3,000 yapita kuti?

Manambala a m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza, popeza mitengo ya mabandulo imasintha, koma kawerengedwe kake n'kamene aliyense angatsatire.

Mayi wina wachikulire ali ndi simukhadi ya Airtel. Lolemba mwana wake yemwe amagwira ntchito ku Blantyre akumuuza kuti wamutumizira mayunitsi a K3,000. Mayiyo akulemba *137# ndipo pagalasi pakubwera 2,450.00. Pasowa K550 asanaimbe n'komwe.

Funso loyamba ndi loti kodi anali ndi ngongole. Makampani onse awiri amabwereketsa mayunitsi: Airtel imatcha ngongoleyi Kutapa, TNM imaitcha Pasavute. Ngongole yotere imadulidwa yokha pomwe mayunitsi atsopano alowa, pamodzi ndi ndalama yapamwamba. Mayiyu akukumbukira kuti sabata yatha anatapa K500 kuti alengeze za maliro kwa abale. K500 imeneyo ndi K50 yapamwamba ndiyo K550 yasowayo. Mwana sananame, ndipo palibe yemwe waba.

Tsiku lomwelo mayiyo akugula bandulo ya deta ya sabata imodzi pa K1,000. Akaonanso mayunitsi akupeza 1,450.00, ndipo akalemba *304# akupeza deta yake ndi tsiku lothera, lomwe ndi Lolemba la sabata yamawa. K1,000 ija sinatayike, yangochoka m'thumba loyamba n'kulowa m'thumba lachiwiri.

Lachitatu akuimbira mchemwali wake kumudzi. Asanaimbe akuona 1,450.00, atamaliza akuona 1,150.00. Tsopano akudziwa kuti macheza amenewo amudyera K300. Deta ija sinathandize pa kuimbaku, chifukwa bandulo ya intaneti silipira foni yoimba mwachizolowezi.

Lachisanu madzulo mdzukulu akubwereka foni kuti aone zinthu pa Facebook. Loweruka m'mawa mayiyo akupeza kuti mayunitsi atsika kufika pa 400.00 chonsecho iye sanaimbe. Akulemba *304# ndipo akupeza kuti deta yatha, ngakhale tsiku lothera silinakwane. Apa nkhani yadziwika: zithunzi ndi makanema anamaliza bandulo, kenaka foni inayamba kudya mayunitsi. Intaneti yolipiridwa ndi mayunitsi imakhala yodula kwambiri poyerekeza ndi ya bandulo, n'chifukwa chake K750 yapita usiku umodzi.

Chomwe chamuthandiza mayiyu kupeza gwero la vuto lililonse ndi kuona matumba onse awiri n'kuyerekeza nambala ya kale ndi ya tsopano. Pofuna kupewa vuto lomalizali, intaneti izizimitsidwa pomwe sikugwiritsidwa ntchito. Pamafoni ambiri izi zimachitikira ku Settings, pamzere wolembedwa Mobile data kapena Data service, posankha Off. Kuzimitsa deta sikuletsa kuimba kapena kulandira mauthenga.

Mayunitsi akamatha popanda chifukwa chooneka

Nthawi zina mayunitsi amachepa pang'onopang'ono tsiku lililonse, munthu asanaimbe, asanabwereke ndiponso deta ili yozimitsa. Kawirikawiri izi zimachitika ngati nambalayo inalembetsedwa ku zinthu zolipira tsiku ndi tsiku, sabata kapena mwezi, monga nyimbo zomwe woimba amamva podikira kuti foni iyankhidwe, mauthenga a zampira kapena mipikisano ya mafunso.

Njira yotsimikizira ndi yosavuta. Munthu aone mayunitsi usiku pokagona n'kulemba nambalayo papepala. M'mawa aonenso asanagwiritse ntchito foni. Achite zimenezi kwa masiku atatu. Ngati nambala ikutsika ndi ndalama yofanana nthawi iliyonse, ndiye kuti pali chinthu chomwe chikudula. Mauthenga akale omwe ali m'bokosi akhoza kuonetsa dzina la chinthucho.

Akatsimikiza, aimbire ofesi yothandiza makasitomala, pa 121 kwa Airtel kapena pa 105 kwa TNM, n'kupempha kuti zonse zolipira zomwe zili panambala yake zichotsedwe. Akhozanso kupita kusitolo ya kampaniyo atatenga foni, chiphaso cha unzika ndi pepala lomwe analembapo manambala lija. Pepalalo limathandiza chifukwa limaonetsa tsiku ndi ndalama yomwe inadulidwa. Ngati kampani yalephera kuthetsa dandaulo, bungwe loyang'anira ntchito za mafoni ndi mauthenga m'dziko muno la MACRA limalandira madandaulo a anthu.

Nambala ikakana

Foni ikapanda kubweretsa yankho, zifukwa zake zimakhala zochepa ndipo zimadziwika poyang'ana pagalasi. Ngati timizere ta netiweki palibe, kapena palembedwa No service kapena Emergency calls only, vuto ndi netiweki. Munthu atuluke panja kapena apite pamalo okwera. Zikapitirira, azimitse foni n'kuiyatsanso. Ngati palembedwa Insert SIM, ndiye kuti simukhadi yasuntha, zomwe zimachitika foni ikagwa. Aichotse batire n'kuikhazika bwino.

Ngati foni yayamba kuitana ngati ikuimbira munthu, kapena mawu a makina akunena kuti nambalayo kulibe, ndiye kuti hashi yomalizira yaiwalika. Ngati netiweki ilipo, nambala yalembedwa bwino, koma yankho likukanabe, choyamba kuona ndi simukhadi yomwe yasankhidwa. Zonse zikakhala bwino, makina a kampani akhoza kukhala otanganidwa, ndipo kudikira mphindi zingapo n'kuyesanso kumakwanira.

Nambala yachinsinsi sifunika

Poona mayunitsi kapena deta, foni sifunsa nambala yachinsinsi. Nambala imeneyi ndi ya thumba lachitatu lokha, la ndalama, lomwe limatsegulidwa ndi *211# kwa Airtel Money ndi *444# kwa TNM Mpamba. Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa akuba amakonda kuimbira anthu achikulire n'kudzitcha antchito a kampani. Amanena kuti akufuna kukonza nambala, kubweza mayunitsi omwe anadulidwa molakwika kapena kupereka mphoto, kenaka amamuuza munthu mabatani oti adine mmodzimmodzi mpaka ndalama zitachoka.

Lamulo lake ndi limodzi. Aliyense woimba foni n'kufunsa nambala yachinsinsi, kapena kulamula munthu kuti adine manambala omwe sakuwadziwa, ndi woyenera kumudulira foni. Wokayikira aimbe yekha pa 121 kapena pa 105. Chimodzimodzinso popempha thandizo kwa ajenti kapena kwa mnyamata wapamsika: kumuonera munthu mayunitsi sikufuna nambala yachinsinsi, choncho palibe chifukwa choitchulira.

Kusunga manambala kuti asaiwalike

Mafoni ambiri a mabatani amalola kusunga manambala amenewa ngati mmene amasungira nambala ya munthu. Mwini foni alembe *137# kapena #123#, asankhe Options kenaka Save, ndipo pa dzina alembe kuti Mayunitsi. Achite chimodzimodzi ndi nambala ya deta n'kuitcha Deta. Kuyambira pamenepo, azingofufuza dzinalo pamndandanda wa maina n'kudina batani loimbira. Kuika chilembo cha A kutsogolo, monga A Mayunitsi, kumachititsa kuti dzinalo likhale koyambirira kwa mndandanda.

Kwa omwe maso akuvuta, kapepala kolembedwa manambala awiriwa m'zilembo zikuluzikulu kakhoza kumatidwa kuseri kwa foni. Pakapepalapo pasalembedwe nambala yachinsinsi.

Ana ndi adzukulu omwe akuphunzitsa makolo awo asamawalande foni n'kudina okha. Kholo ligwire foni, lidine lokha katatu kapena kanayi wophunzitsayo akungoyang'ana, ndipo liwerenge yankho mokweza mpaka litasiyanitsa makwacha ndi matambala, komanso MB ndi GB. Nthawi zoyenera kuona ndi zitatu: mayunitsi akangolowa, munthu asanayambe macheza aatali, ndiponso foni ikabwerera kuchokera m'manja mwa wobwereka.